Mmene mungafotokozere mwana nthano ya kambusa ka mbuzi mpaka adziwe kuwerenga m'makumi

Mwana wa achemwali anga ali ndi zaka 6 ndipo amatha kuyimba wani, thuu, fili mpaka fifite osapuma, ndiye tonse pakhomo tinkangoti mwanayu masamu ngake. Tsiku lina ndinamuthirira zitsekero za mabotolo 23 pamphasa nkumuuza kuti awerenge. Koyamba anapeza 21, kachiwiri 25, ndipo nditamufunsa kuti ndiye zilipo zingati anangondiyang'ana. Manambala anali pakamwa koma m'manja munalibe. Apa mpomwe ndinayamba kumufotokozera nthano ya mnyamata woweta mbuzi, usiku uliwonse kachigawo kamodzi, ndipo pano mukamuonetsa mitolo iwiri ndi timitengo titatu amangoti 23 osawerenganso kuyambira wani. Ndalemba apa mmene ndinachitira, ndi pomwe zinkavuta.

Musanayambe, yesani kaye mwanayo

Ikani miyala 8 pansi mosalongosoka mumuuze awerenge uku akukhudza mwala uliwonse. Akamaliza funsani kuti ilipo ingati. Ngati wayankha 8 nthawi yomweyo ndiye wakonzeka. Ngati akudumpha miyala ina, kapena kukhudza umodzi kawiri, kapena mukafunsa akuyambiranso kuwerenga, za makumi zidikire kaye, muyambe ndi nthano yomweyi koma mbuzi zikhale 7 kapena 8 zokha kwa sabata imodzi kapena awiri. Mwana amene sanagwire 10 bwinobwino mukamupatsa makumi amangoloweza basi.

Zofunika kusonkhanitsa

Timitengo pafupifupi 40 totalika ngati chala cha munthu wamkulu, tonse tofanana. Izi za kufanana musazitenge mopepuka, chifukwa kamtengo kakakhala kakakulu kuposa tinzake mwana amafuna kakhale ka mbuzi ziwiri. Ine ndinadula nsungwi zouma, koma udzu wolimba wofolerera nyumba kapena timitengo ta machesi tothera kale timagwiranso. Pezani luzi kapena malabandi omangira, ndipo ngati mwana manja ake sanazolowere kumanga mfundo bola labandi. Mbuzi zake zikhale zitsekero za mabotolo kapena zitsononkho zodula pakati. Khola mungojambula pansi ndi chala kapena ndi khala, koma khomo lake likhale laling'ono loti chitsekero chimodzi chokha chidutse. Ine ndimaika miyala iwiri kukhala khomo.

Chiwerengero cha mbuzi ndi 23 ndipo pali chifukwa. Ulendo woyamba ndinaika mbuzi 47 poganiza kuti zikachuluka nthano ikoma, koma mwana anatopa tisanafike pakati ndipo anayamba kuponya zitsekero. 23 ndi yabwino chifukwa yapitirira zala za m'manja ndi za kumapazi zonse pamodzi, ndiye mnyamata wa m'nthano alibe pothawira, komanso 2 ndi 3 ndi manambala osiyana, mwana akasokoneza mitolo ndi timitengo totsala mumaona msanga. 22 musasankhe, mwana akhoza kusokoneza inu osadziwa. 20 nayonso ayi, ziro abwera mtsogolo.

Wina anena kuti pakhomo pati pali mbuzi 23. Zoona, ambiri timakhala ndi zitatu, zisanu. M'nthano yanga mbuzizo ndi za agogo, za amalume ndi za amayi ake a mnyamatayo, zimangogona khola limodzi. Komanso ndimaonetsetsa kuti mnyamatayo m'mawa amapita kusukulu, kubusa amapita akaweruka kukalandira amalume ake, chifukwa ana amatengera zomwe amva ndipo sindifuna wanga aziganiza kuti kambusa kanzeru ndi kamene kanasiya sukulu.

Usiku woyamba: vuto lokhalokha

Yambani mmene timayambira nthano zonse, inu padangotero, ana tilitonse. Wanga ndinamutcha Yamikani, inu mutha kumupatsa dzina lina lililonse bola lisakhale la mwana amene akumverayo, chifukwa usiku woyamba mnyamatayu alephera ndipo mwana wina amakhumudwa akamva dzina lake likulephera.

Ndimafotokoza chonchi. Inali nthawi yachilimwe anthu atakolola, mbuzi zitamasulidwa pazingwe zikudya mapesi m'minda. Dzuwa likamapendeka Yamikani ankazikusa kuchoka kudambo, patsogolo tonde wandevu wonunkha uja, pambuyo pake mkota wamawanga, timbuzi tating'ono tikudumphadumpha m'mbali. Akafika pakhola agogo ake ali pakhonde amafunsa, zakwana? Iye nkuyamba, imodzi, ziwiri, zitatu, koma mbuzi siziima, ija wawerenga kale yazungulira yabweranso kutsogolo, ina yalowa pansi pa inzake. Tsiku lina ankati 21, tsiku lina 24. Agogo nkumufunsa kuti kodi mbuzizi zikuswana panjira pochokera kudambo? Ndiye usiku umenewo fisi analira kuseri kwa chulu, huuuwi, Yamikani tulo osabwera, chifukwa samadziwa ngati mbuzi zonse zili mkati kapena ina yatsala kunja.

Pamenepo imani. Osapereka yankho usiku woyamba olo mwana akakamire. Chomwe mumachita ndi kuthira zitsekero 23 pamphasa nkumuuza awerenge uku inu mukuzisuntha pang'onopang'ono ndi dzanja ngati mbuzi zikuyendayenda. Alephera, aseka, mwina akwiya pang'ono, ndipo ndi zomwe tikufuna. Mufunseni kuti iwe ukanakhala Yamikani ukanatani. Wanga anati ndikanazimanga zonse pachingwe, ndinamuuza kuti nzeru imeneyo ndi yabwino koma zingwe 23 agogo alibe, agone nalo funsolo.

Usiku wachiwiri: khomo laling'ono ndi kamtengo kamodzi pa mbuzi imodzi

Apa agogo alowererapo, koma asakhale ngati aphunzitsi ogwira choko. Agogo anga a m'nthano sanapite kusukulu, amangoti, mdzukulu wanga, mbuzi sawerengera pabwalo, amawerengera pakhomo. Anachotsa mipiringidzo iwiri yokha pakhomo la khola kuti mbuzi izilowa imodziimodzi, nkumupatsa Yamikani mulu wa timitengo. Mbuzi ikalowa, tola kamtengo kamodzi uike apa. Ina ikalowa, tola kena.

Ikani kanyimbo, nthano yopanda nyimbo ana amagona. Kathu nkophweka, ine ndimati yalowa mbuzi, iye amavomera tola kamtengo, ndipo chitsekero chimadutsa pakhomo nthawi yomweyo pamene dzanja lake likutola. Inu muziyendetsa mbuzi, mwana azitola. Penapake muchedwetse mbuzi dala, munene kuti tonde wakana kulowa akununkhiza chitsa, muone ngati mwana adikira. Akatola kamtengo mbuzi isanalowe ndiye kuti akutsata nyimbo osati mbuzi, mubwerere pang'ono mumuonetse kuti kamtengo ako kalibe mwini.

Mbuzi zikatha kulowa, pansi pali mulu wa timitengo ndipo timitengo sitithawa. Yamikani anasangalala. Koma powerenga muluwo anafika pa 14 galu anauwa, anacheuka, nkuiwala pomwe anali, kuyambiranso. Anafika pa 17 amayi ake anamuitana kuti akasambe m'manja, kuyambiranso. Izi muzichitenso kwa mwana wanu, akamawerenga timitengo mumufunse funso lina lililonse pakati, monga wadya ndiwo zanji masana. Ataya nambala. Ndiye usiku wachiwiri uthere pomwepo, vuto latsopano lapezeka, kuwerenga mzere wautali kamodzinkamodzi kumaduka msanga.

Usiku wachitatu: zala zatha, manga mtolo

Uwu ndiye usiku womwe nthano yonse yatsamirapo, musaufulumize, ndipo ngati mwana ali ndi tulo bola mudikire mawa.

Mnyamata ayenera kutulukira yekha, agogo angomukankha pang'ono. Ine ndimati Yamikani anaona amayi ake akuchokera kunkhuni atasenza mtolo, agogo nkumufunsa kuti amako asenza zinthu zingati pamutupo. Iye anati chimodzi, mtolo. Agogo anati nanga nkhuni zilimo zingati, iye anati zambiri. Agogo anangoti eya, nkupitiriza kusenda nandolo wawo. Mwana wanu naye mufunseni funso lomwelo, chifukwa chinthu chovuta m'makumi ndi chimenechi, kuti chinthu nkukhala chimodzi koma nthawi yomweyo nkukhala khumi. Kwa ife akuluakulu nzachidziwikire, kwa mwana wa zaka 6 ndi nkhani yaikulu. Amene amapita kumsika ndi mayi ake amazimva msanga mukamukumbutsa mulu wa tomato, mulu ndi umodzi koma tomato alimo angapo.

Madzulo amenewo Yamikani anaganiza zoti kamtengo kalikonse azikaika kutsogolo kwa chala chimodzi. Mwana atambasule dzanja limodzi pansi, inu muyendetse mbuzi, iye ndi dzanja linalo aziika kamtengo kutsogolo kwa chala chilichonse mpaka tisanu, kenako asinthe manja achite chimodzimodzi. Zala zikatha nyimbo isinthe, inu zala zatha, iye manga mtolo. Asonkhanitse timitengo khumi tija amange yekha. Olo achedwe, olo labandi ithawe kawiri, musamulande. Mtolo womanga inu ndi wanu, iye sakhulupirira kuti mulidi khumi ndipo mawa adzaumasula kuti aone. Akamanga auike kumanzere kwake, zala zonse zamasuka, tiyambirenso. Mtolo wachiwiri chimodzimodzi. Kenako mbuzi zitatu zomaliza zilowa, timitengo titatu, mbuzi zatha koma zala sizinathe. Funsani, timange? Ambiri amati eya chifukwa kumanga kwawakomera. Apa agogo a m'nthano ayankhe mwamphamvu kuti ayi, mtolo wosakwana khumi ndi wabodza. Titatuto tikhale kumanja, tosamanga.

Ndiye agogo anafunsa pakhonde paja, zakwana? Yamikani anati mitolo iwiri ndi timitengo titatu. Agogo anati tsono unene ngati munthu wamkulu, makumi awiri ndi zitatu. Usiku umenewo galu anauwa, amayi anaitana, koma mitolo inali pomwepo, panalibe choyambiranso.

Lamulo la kumanzere ndi kumanja muliyambe usiku womwewu olo simunayambe kulemba. Mukhale mbali imodzi ndi mwana, osati moyang'anizana, chifukwa mukakhala kutsogolo kwake kumanzere kwanu ndi kumanja kwake ndipo tsiku lolemba adzalemba 32.

Chichewa kapena wani thuu fili

Pano ndili ndi maganizo anga ndipo ndiwanena. Ana athu amawerenga wani, thuu, fili, kumsika ndi mu minibasi timatero tonse, ndipo kusukulu adzafunika zimenezo, ndiye sindikuti muwaletse. Koma pophunzitsa makumi Chichewa chimathandiza kwambiri chifukwa nambala imadzifotokoza yokha. Ukati makumi awiri ndi zitatu wanena kale kuti pali makumi, alipo awiri, ndipo pali zitatu zapadera, ndendende zomwe zili pamphasa. Ukati twente fili mwana samva khumi paliponse. Leveni ndi thwelofu ndiye sizinena chilichonse, pamene khumi ndi imodzi, khumi ndi ziwiri zikuoneka ndi maso. Komanso satini ndi sate, fotini ndi fote, fifitini ndi fifite zimamveka ngati zofanana m'khutu la mwana, pamene khumi ndi zitatu ndi makumi atatu sangazisokoneze akakhala ndi mitolo m'manja.

Ndiye ine ndimapanga chonchi, m'nthano agogo amanena m'Chichewa, Yamikani amabwereza nkuwonjezera mmene amanenera kusukulu. Makumi awiri ndi zitatu, kusukulu timati twente fili. Mwana amatenga zonse ziwiri osavutika, bola Chichewa chibwere poyamba mitolo ili m'manja.

Chenjezo limodzi. Chichewa chimawerenganso m'zisanu, 6 ndi zisanu ndi imodzi, 7 ndi zisanu ndi ziwiri, ndiye 27 imakhala makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ma ndi awiri m'nambala imodzi ndipo mwana amatha kutayika. Akuluakulu ali ndi mawu oti mphambu olekanitsira makumi ndi zotsala, makumi awiri mphambu zisanu ndi ziwiri, ndipo ndimawakonda chifukwa mwana akamva mphambu amadziwa kuti mitolo yatha tsopano tili pa timitengo. Mukadzapitirira 50 mpomwe pamafunika khutu, makumi asanu ndi limodzi ndi 60 chifukwa limodzilo ndi khumi lina, pamene mbuzi makumi asanu ndi imodzi ndi 51. Kusiyana kwake ndi kachilembo kamodzi. Nchifukwa chake nthanoyi ndimaisunga pansi pa 50, za kumtundako zidzabwera mwana atakhwima.

Usiku wachinayi: mbuzi yasowa

Tsopano njira ija igwire ntchito, apo ayi mwana aziona ngati masewera omanga timitengo basi. Musanayambe bisani chitsekero chimodzi m'thumba iye asaone. Fotokozani kuti tsiku limenelo kunachita kamvuluvulu kudambo mbuzi zinabalalika. Lowetsani mbuzi monga mwa masiku onse, mtolo woyamba, mtolo wachiwiri, kenako timitengo tiwiri, mbuzi zatha. Inu khalani chete, osanena kanthu. Wanga anayang'ana pansi, anayang'ana ine, nkukuwa kuti amalume imodzi kulibe. Sanawerenge kuyambira wani, anangoona kuti kumanja kuli tiwiri m'malo mwa titatu.

Kenako nthano ipitirire, Yamikani ndi amalume ake atenga tochi, apita kudambo, apeza kamsoti katakodwa mwendo m'ziyangoyango pafupi ndi chulu chija kunkalira fisi, akanyamula paphewa. Tulutsani chitsekero m'thumba chilowe pakhomo, mwana atole kamtengo kachitatu. Ana amakonda chigawo chimenechi ndipo adzakuuzani mubwereze. Mukamabwereza sinthani, mawa bisani zinayi. Apa pavuta pang'ono chifukwa mbuzi 19 zipereka mtolo umodzi ndi timitengo 9, ndipo mwana wina amaona timitengo tambiri kumanja nkuganiza kuti mbuzi zachuluka. Musiyeni alimbane nazo, mungomufunsa kuti mtolo wachiwiri uli kuti lero.

Kulemba, ndi ziro

Kulemba kubwere pambuyo, mwana atamanga mitolo masiku angapo. Jambulani pansi mabokosi awiri ogundana, lakumanzere la mitolo, lakumanja la timitengo totsala. Aike mitolo iwiri ndi timitengo titatu m'malo mwake, pansi pa bokosi lililonse alembe nambala ya zomwe zilimo, 2 uku 3 uku. Fufutani mzere wapakati, yatsala 23. M'nthano ndimati Yamikani analemba ndi khala pa mtengo wa pakhomo la khola kuti amalume ake akabwera usiku aziona okha.

Ziro ndimamubweretsa ndi kuswana kwa mbuzi. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu ndipo kawirikawiri imaswa mapasa, ndiye ndimati mvula itayamba mikota itatu inaswa awiriawiri, wina unaswa kamodzi, ana 7. Musaponye onse 7 nthawi imodzi, alowe pakhomo mmodzimmodzi, mwana aziwonjezera pa titatu tija, tinayi, tisanu, mpaka zala zithe. Zala zatha, manga mtolo. Tsopano kumanzere kuli mitolo itatu, kumanja kulibe kanthu. Muuzeni alembe. Ambiri amalemba 3 basi. Ndiye amalume a m'nthano abwera usiku, awerenga pamtengo paja, nkuyamba kulira kuti mayo mbuzi zatsala zitatu zokha, fisi watimaliza. Mwana amaseka kenako amaganiza. Mufunseni kuti tiwauze bwanji amalume kuti atatuwa ndi mitolo, ndipo kumanja kulibe kanthu. Pamenepo mpomwe mulembe 0 pansi pa bokosi lopanda kanthu. Ziro akabwera chonchi mwana amadziwa ntchito yake, akusunga malo a timitengo kuti 3 asasunthire kumanja.

Kumasula mtolo

Chigawo ichi ndinachipeza mochedwa koma ndi chimene chimadzathandiza mwana akadzafika pa masamu ochotsera obwereka aja. Mbuzi zilipo 30, mitolo itatu. Agogo akufuna kugulitsa mbuzi 4 kuti agule feteleza. Uzani mwana achotse timitengo tinayi. Ayang'ana kumanja kulibe kanthu. Wanga poyamba anachotsa mtolo wathunthu, ndinamuuza kuti wagulitsa mbuzi khumi pamtengo wa zinayi agogo akwiya. Kenako anayamba kusolola timitengo mumtolo uli chimangire, apa ndinamukumbutsa mawu a agogo aja kuti mtolo wosakwana khumi ndi wabodza. Njira yake ndi kutenga mtolo umodzi, kuumasula wonse, kuika timitengo khumi kumanja, ndiye nkuchotsapo tinayi. Kwatsala mitolo iwiri ndi timitengo 6, mbuzi 26. Abwezereninso mbuzi zinayizo tsiku lina, muti wogula anasintha maganizo, amangenso mtolo abwerere pa 30. Kumanga ndi kumasula kukhale chinthu chozolowereka m'manja mwake.

Mudziwa bwanji kuti wamva

Kuyimba teni, twente, sate si umboni, imeneyo ndi nyimbo ngati ina iliyonse. Yesani zinthu izi tsiku lomwe simukufotokoza nthano.

Ikani mitolo iwiri ndi timitengo titatu mufunse kuti mbuzi zilipo zingati. Akati zisanu ndiye kuti akuwerenga mtolo ngati kamtengo kamodzi, mubwerere ku usiku wachitatu amange yekha kambirimbiri, ndipo nthawi zina aumasule aone kuti khumi lija likadalimo. Akati 50 ndiye kuti wayamba bwino teni, twente, koma wapitiriza sate, fote, fifite pa timitengo totsala. Cholakwika chimenechi chimachitika kwambiri ndipo si choopsa, mwanayo ali pafupi. Mankhwala ake ndi kuika kampata, akamaliza mitolo aombe m'manja kamodzi kapena anene mphambu mokweza asanakhudze timitengo. Akayamba kumasula mitolo kapena kuwerenga timitengo ta mkati kuyambira wani, sanayambe kuukhulupirira mtolo, mupatseni nthawi, ndipo muonetsetse kuti simunamupatsepo mtolo wa 9 kapena 11 mwangozi. Zinandichitikira kamodzi kamtengo katasololoka m'thumba ndipo kwa masiku atatu ankawerenga mtolo uliwonse asanauvomere. Kuyambira pamenepo mitolo timamasula tikamaliza, mawa amamanganso yekha.

China, lembani 23 muloze 2 uja munene kuti ndipatse izi. Akakupatsani timitengo tiwiri m'malo mwa mitolo iwiri, kulemba kwathamanga kuposa manja, bwererani ku mabokosi. Mukamuuza alembe twente fili iye nkulemba 203, musakalipe, walemba zomwe wamva, 20 kenako 3. Muikireni nambala yakeyo pansi pa mabokosi awiri aja aone kuti manambala atatu sakukwana m'mabokosi awiri, ndipo mufunseni kuti kumanja kuli timitengo kapena kulibe, nanga ziro akufuna chiyani pamenepo.

Akadutsa zonsezi sinthani zinthu. M'malo mwa timitengo ikani nyemba khumikhumi m'tizitsekero ta mabotolo akuluakulu kapena m'makapu, m'malo mwa mbuzi zikhale nkhuku zikulowa m'chitupa, nambala ikhale 34 kapena 41. Mwana wina amadziwa makumi pa timitengo ta nsungwi tokhatokha, ukamusinthira zatha, ndiye ndi bwino kuziona msanga.

Chigawo chilichonse chisapitirire mphindi 15, ndipo masiku ndawatchula apawa si lamulo, ife usiku wachitatu tinaubwereza kanayi tisanapite kwa mbuzi yosowa. Ngati ana ali angapo, wamkulu ayendetse mbuzi, wamng'ono atole timitengo, koma wamkuluyo mumuuziretu kuti asamayankhe mafunso a mng'ono wake. Timitengo ndi zitsekero sungani m'kachitini pamalo pomwe mwana afikira yekha, chifukwa masana mudzamupeza akufotokozera anzake nthano yomweyo pansi pa mtengo wa mango, ndipo mukaima chapatali nkumvetsera mudzamva pomwe akulakwitsa kuti madzulo muyambire pamenepo.